Fikisidi, tirezhale bilu, mbuzi kapena chimanga: K2,000,000 ya kuchigwa isungidwe pati?

Alamu anga a ku Ngabu adagulitsa ng'ombe ziwiri ndi matumba angapo a chitowe, m'thumba mudalowa K2,000,000. Ndalamayo sidali yodya lero. Adafuna kuti chaka chamawa afolere nyumba ndi malata, yotsala ilipire fizi ya mwana amene adzakhale akuyamba Fomu 1. Atapita kubanki, mtsikana wa pa kauntala adawauza kuti, "Bambo, mukaika pa fikisidi kwa chaka tikupatsani maperesenti 12." Madzulo ake adandipeza pakhonde ndikukupiza ndi katoni, kutentha kwa Okutobala kusanaphwe, nkundifunsa kuti, "Alamu, inu amene mudapitako kusukulu, 12 ameneyu ndi wabwino kapena akundipusitsa?"

Sadawapusitse. Koma 12 yekhayo sanena kanthu mpaka titamuchotsera zomwe zimamudya. M'munsimu ndatenga K2,000,000 ya alamuyo ndi kuiyendetsa m'njira zingapo zomwe munthu wa ku Chikwawa kapena Nsanje angathe kuzifikira. Mitengo ya mbuzi, ya chimanga, ya ulendo ndi 12 wa kubankiyo ndi zitsanzo zowerengera basi, inu muikepo ya pamsika panu lero. Njira yowerengera ndiyo siyisintha.

Zoyezera

Choyamba ndi msonkho. Chiwongoladzanja chomwe banki imakupatsani chimadulidwa msonkho wa maperesenti 20, ndipo banki imadula yokha nkutumiza ku MRA ndalama isanafike m'manja mwanu. Pa K100 iliyonse ya chiwongoladzanja, yanu ndi K80. Ndalama yomwe mudaikayo siikhudzidwa, msonkho umaluma phindu lokha.

Chachiwiri ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imatulutsa nambala imeneyi mwezi ndi mwezi, ndipo imamveka pa wailesi. Mu Januwale 2024 idafika maperesenti 35, ndipo miyezi yambiri ya chakacho idangozungulira pamwamba pang'ono pa 30, chakudya chikukwera kuposa pamenepo. Ine pano ndigwiritsa ntchito 30, kutanthauza kuti katundu wa K100,000 lero adzakhala wa K130,000 chaka chamawa.

Chachitatu ndi ndalama zing'onozing'ono zomwe timaiwala kulemba: basi, kabaza, bwato, mankhwala, mbusa, matumba. Chachinayi ndi tsiku lomwe ndalamayo idzafunike, komanso ngati mungaitulutse msanga mwana atadwala usiku.

Zitatu zoyambazo zimalowa m'masamu awa:

```
chiwongoladzanja = ndalama x peresenti/100 x masiku/365
chotsala = chiwongoladzanja x 0.80 - zolipira zina
mphamvu = (ndalama + chotsala) / (1 + kukwera/100)
```

Mzere womalizawo ndiye wofunika. Ukukuuzani kuti ndalama yomwe mudzatenge chaka chamawa ingagule katundu wa ndalama zingati pa mitengo ya lero. Yankho likaposa zomwe mudaika, mwapindula. Likachepa, mwataya, ngakhale manambala a pa pepala la kubanki ataoneka okula.

Fikisidi dipoziti

*Mtengo ndi phindu.* Kutsekula fikisidi salipiritsa kwenikweni, bola mukhale ndi akaunti. K2,000,000 pa maperesenti 12 kwa chaka chathunthu ibereka K240,000. Msonkho utenga K48,000, mutsala ndi K192,000. Choncho 12 uja wasanduka 9.6. Pakutha kwa chaka alamu atenga K2,192,000, ndipo akagawa ndi 1.30 apeza K1,686,000 ndi zina pang'ono. Ndiye kuti mwa malata 100 omwe akadagula lero, chaka chamawa agula 84.

Alamu atamva zimenezi adati, "Ndiye bwanji osangoika pansi pa mphasa?" Pansi pa mphasa K2,000,000 yomweyo imadzakhala ndi mphamvu ya K1,538,000. Fikisidi yawapulumutsira pafupifupi K148,000, kuphatikizapo kuwateteza ku chiswe ndi akuba. Mitengo ikamathamanga chonchi, fikisidi ili ngati nkhokwe yodontha pang'ono, mphasa ndi nkhokwe yopanda denga. Kuti fikisidi ingofanana ndi kukwera kwa mitengo, osapindula osataya, gawani kukwerako ndi 0.80. Pa 30, banki iyenera kukupatsani 37.5. Pitani mukafunse muone ngati mtsikana uja sakusekani.

Msampha umene umagwira anthu ambiri uli m'mawu oti "pa chaka". Peresenti yomwe amakuuzani ndi ya chaka chonse ngakhale mutaika kwa miyezi itatu. Ndidaonapo mphunzitsi wina atakwiya pa mzere, ankayembekezera K240,000 pa fikisidi ya masiku 91 ya ndalama yonga imeneyi. Masamu ake ndi K2,000,000 kuchulukitsa ndi 0.12, kenako ndi 91, nkugawa ndi 365, zomwe zimapereka K59,836. Msonkho ukachoka pamatsala K47,869. Banki sidamubere, iye ndiye sadafunse.

*Kupezeka.* Mabanki ali ku Nchalo, pa boma la Chikwawa, pa boma la Nsanje ndi malo ena ochepa a m'mphepete mwa msewu waukulu. Kwa munthu wa tsidya la kummawa, ku Makhanga kapena Muona, ulendo wakubanki ndi tsiku lathunthu, ndipo ena amaoloka pa bwato ku Mtayamoyo kuti afike pa Bangula. Tiyerekeze maulendo awiri, wokaika ndi wokatenga, adya K30,000. Pa K2,000,000 zimenezo nzopiririka. Koma amene akuika K200,000 chiwongoladzanja chake chikachoka msonkho ndi K19,200 chabe, ndiye kuti wapereka mphatso kwa a kabaza. Fikisidi yaing'ono imamveka pokhapokha ngati banki yanu imalola kuitsekula pa foni, kapena ngati mumapita kale kutauniko pa zifukwa zina.

Peresenti ya pa chikwangwani si yomaliza. Ndalama ikakhala yochuluka mabanki amakambirana. Funsani mabanki awiri, wachiwiri mumuuze zomwe woyamba wanena.

*Kusamalira.* Palibe chodyetsa, palibe chopopera. Ntchito ndi imodzi yokha, kukumbukira tsiku lomwe ikukhwima. Ine ndidaphunzira movutikira. Fikisidi yanga ina idakhwima mvula itadula msewu, ndipo pomwe ndimafika patatha masabata atatu ndidapeza banki itaibwezanso pa fikisidi ina ya nthawi yomweyo, pa peresenti yotsika kuposa yomwe tidagwirizana poyamba. Zidali pa fomu yomwe ndidasaina ndekha osawerenga. Pa fomupo pamakhala polemba chomwe achite ikakhwima, lembani kuti ilowe mu akaunti yanu.

*Chiopsezo.* Mukaithyola nthawi isanakwane mumataya gawo la chiwongoladzanja, mwina chonse, malinga ndi banki. Funsani chilangocho musanasaine, akulembereni. Njira yochepetsera vutoli ndi kugawa: m'malo mwa fikisidi imodzi ya K2,000,000, ikani ziwiri kapena zitatu za masiku osiyana, kuti matenda akabwera muthyole imodzi yokha. Banki itagwa, pali bungwe la Deposit Insurance Corporation lomwe limabweza ndalama za osunga mpaka pa malire ena, ndipo malirewo amawasintha, choncho funsani omwe alipo tsiku lomwe mukuika.

Chiopsezo chachikulu ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi maperesenti 25, mu Novembala 2023 ndi 44. Amene adali ndi fikisidi ya chaka masiku amenewo adadzuka m'mawa ndalama yake ili yomweyo pa pepala, koma simenti, malata ndi feteleza zitasintha mitengo m'mashopu pasanathe sabata, iye manja ali omangidwa mpaka tsiku lokhwima. Ubwino umodzi umene wa kuchigwa sangaunyoze ndi woti madzi sakokolola fikisidi. Amene adaona madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Tirezhale bilu

Apa mukubwereka boma ndalama kudzera ku banki yaikulu, Reserve Bank of Malawi, kwa masiku 91, 182 kapena 364. Anthu ambiri akumudzi amaganiza kuti ndi za makampani okha, pomwe munthu wamba amaloledwa. Chosangalatsa nchoti mabanki omwewo amatenga ndalama za pa fikisidi zathuzi nkukagula nazo mapepala a boma amenewa, kusiyana kwa maperesentiko nkudya iwo.

*Mtengo ndi phindu.* Mu 2024 ya masiku 91 inkapereka maperesenti 16 pa chaka, ya masiku 182 inkapereka 20, ya masiku 364 inkapereka 26. Maperesentiwa amasintha malinga ndi malonda omwe banki yaikulu imachititsa, ndiye funsani a sabata imeneyo. Titenge 26. K2,000,000 ibereka pafupifupi K520,000, msonkho womwe uja wa 20 utenga K104,000, patsala K416,000. Zonse pamodzi K2,416,000, kugawa ndi 1.30 ndi K1,858,000. Mwatayabe, koma malata ndi 93 m'malo mwa 84. Kusiyana kwake ndi fikisidi ya alamu ndi K224,000 yogwirika m'manja, fizi ya temu imeneyo. Musadabwe ndi kagulidwe kake: pepalalo mumaligula pa mtengo wotsika, likakhwima amakupatsani ndalama yonse yolembedwapo, phindu lanu ndi kusiyanako. Amene akukugulirani akhoza kudulapo kake, mufunse nkuchotsa.

*Kupezeka.* Apa ndiye povuta. Mumadzera kubanki yanu kapena ku makampani ogulitsa mapepala a boma ndi masheya, omwe ambiri ali ku Blantyre. Pa nthambi yaing'ono mukhoza kupeza wa pa kauntala akukankhirani ku fikisidi chifukwa ndi yomwe amaidziwa. Limbikirani, pemphani kuonana ndi amanejala. Ulendo woyamba ungafune kukwera Thabwa ndi chiphaso cha unzika m'manja, koma akaunti ikatsekuka zambiri zimatheka pa foni. Palinso makampani ngati Old Mutual ndi NICO omwe ali ndi thumba lophatikiza ndalama za anthu ambiri nkugula mapepala omwewa. Kumeneko mumalowa ndi ndalama yocheperako ndipo mumatulutsa m'masiku ochepa, koma amadula yawo yoyendetsera thumbalo ndipo peresenti siikhala yolonjezedwa.

*Kusamalira.* Monga fikisidi, tsiku lokhwima basi.

*Chiopsezo.* Mukafuna ndalama pakati pa ulendo mumagulitsa pepalalo motsika. Kugwa kwa kwacha kumalipweteka chimodzimodzi. Wobwereka wanu ndi boma lomwe lili ndi ngongole zambiri za m'dziko momwe muno, nchifukwa chake ine sindipitirira masiku 364 pa ndalama ya fizi, ngakhale pali mapepala ena a zaka zingapo opereka zambiri.

Banki mkhonde

Sinditalikitsa, chifukwa K2,000,000 siilowa m'bokosi la gulu la pamudzi. Masheya ali ndi malire pa sabata, ndipo ndalama ikachuluka kuposa obwereka imangogona. Koma anthu amaiyerekeza ndi fikisidi molakwika, ndiye tikonze masamu.

*Mtengo ndi phindu.* Mayi wina waponya K300,000 chaka chonse, pogawana mu Disembala walandira K420,000, nkumauza anzake pachitsime kuti wapindula K120,000. Koma magulu ambiri amakakamiza membala aliyense kubwereka, ndipo iye pa ngongole zake adabweza chiwongoladzanja cha K70,000. Imeneyo idachoka m'thumba lake lomwe nkubwerera. Phindu lenileni ndi K50,000. Mbali ina, ndalama yake sidalowe tsiku limodzi, inkalowa pang'onopang'ono, kotero yomwe idakhala m'bokosi chaka chonse tingati ndi theka, K150,000. K50,000 pa K150,000 ndi maperesenti 33. Pa kukwera kwa 30 wangopulumuka, ndipo ndi bwino kuposa banki.

*Kupezeka.* Pansi pa mtengo wa m'mudzi mwanu, palibe ya basi. *Kusamalira.* Msonkhano sabata iliyonse, chindapusa mukachedwa. *Chiopsezo.* Wobwereka akathawira ku Mozambique kapena msungichuma akadya, kulibe bungwe lokubwezerani. Ndipo kuchigwa kuno vuto limagwa pa onse nthawi imodzi: madzi akalowa m'mudzi, mamembala makumi awiri onse amalephera kubweza mwezi womwewo. Amene ali pa ntchito yolandira pa mwezi, monga a kumunda wa nzimbe ku Nchalo, SACCO imawakhalira bwino kuposa bokosi, chifukwa ili ndi mabuku oyenderedwa ndipo imabwereketsa potengera zomwe mwasunga.

Mbuzi

Iyi ndiyo banki yomwe makolo athu adaidziwa, ndipo chigwa chino chimadziwika ndi ziweto m'dziko lonse. Mphamvu yake pa nkhani yathuyi ndi yoti mtengo wa mbuzi umayenda limodzi ndi mitengo ya zinthu zina, pomwe kwacha ya pa fikisidi imaima malo amodzi.

*Mtengo ndi phindu.* Tiyerekeze mbuzi ili pa K100,000. Alamu agula zazikazi 17 ndi tonde mmodzi, K1,800,000, yotsala K200,000 ipita ku khola lam'mwamba, mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, koma si zonse zomwe zimatenga bere chaka choyamba pamalo pachilendo, ndipo si ana onse omwe amakula. Tinene kuti chaka chikutha ndi ana 11 amoyo, zazikulu ziwiri zitapita, ina ndi matenda ina ndi akuba. Zazikulu 16 pa mtengo watsopano wa K130,000 ndi K2,080,000. Ana 11 pa K50,000 ndi K550,000. Khola lonse ndi K2,630,000, kugawa ndi 1.30 ndi K2,023,000. Malata onse 100 alipo, ndi limodzi la basela.

Koma ndani akuweta? Ngati ndi mbusa wolipidwa K20,000 pa mwezi, chotsani K240,000, ndipo mphamvu itsika kufika K1,838,000, pansi pang'ono pa tirezhale bilu yomwe simudaidzukire m'mamawa ngakhale tsiku limodzi. Anthu okonda mbuzi sakonda kumva zimenezi. Chaka chachiwiri ndi chachitatu masamu amakoma, chifukwa khola lilipo kale ndipo ana aja ayamba kubereka. Mbuzi ndi ya munthu wodikira zaka, si ya ndalama yofunika mu Sepitembala.

*Kupezeka.* Misika ya ziweto ilipo kuchigwa konse, ndipo ogula a ku Blantyre amatsika okha kudzafuna. *Kusamalira.* Tsiku ndi tsiku, madzi, msipu, milandu ikalowa m'dimba la eni.

*Chiopsezo.* Pali zitatu zomwe zili za kuno kwenikweni. Matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzitulutsa m'bomalo, ndipo izi zachitikapo kangapo ku Chikwawa ndi Nsanje. Mumakhala ndi chuma m'khola koma mulibe ya panado. Chachiwiri, mu Januwale ndi Febuluwale aliyense amagulitsa mbuzi kuti agule chimanga, mtengo nkutsika pa nthawi yomwe inunso mwapanikizika. Chachitatu ndi madzi. Khola la kudambo ndi juga, la kumtunda ndi nkhani ina.

Chimanga chosunga

*Mtengo ndi phindu.* Njira iyi ndi ya miyezi isanu ndi itatu, kugula mu Meyi kapena Juni, kugulitsa mu Januwale kapena Febuluwale. Tiyerekeze thumba la makilogalamu 50 lili pa K40,000. Alamu agula matumba 44 pa K1,760,000, yotsala K240,000 ipita ku matumba osalowa mpweya aja a PICS kapena mankhwala a Actellic, ngolo ndi onyamula. Pogulitsa matumba awiri achepa chifukwa cha kuuma ndi anankafumbwe, atsala 42.

Poyerekeza musagawe ndi 1.30, chifukwa chaka sichinathe. Pa miyezi isanu ndi itatu kukwera kwa 30 pa chaka kumakhala pafupifupi 19, ndiye gawani ndi 1.19. Mtengo ukafika K65,000, alamu atenga K2,730,000, mphamvu yake K2,294,000. Iyi ndi njira yokhayo pa zonsezi yomwe yapitirira bwinobwino. Koma mtengo ukangofika K45,000, atenga K1,890,000, mphamvu yake K1,588,000, ndipo fikisidi yonyozeka ija ikadawasungira bwino, chifukwa pa miyezi yomweyo ikadapereka K2,128,000 msonkho utachoka.

Nambala yothandiza ndi iyi: gawani K2,128,000 ndi matumba 42, mupeza pafupifupi K50,700. Chimanga chikapitirira pamenepo mwaposa fikisidi, chikalephera mwagonja. Musanagule dzifunseni ngati mukukhulupirira kuti thumba la K40,000 lidutsa K50,700 pofika Januwale. Zaka zambiri limadutsa, koma si zonse.

*Kupezeka.* Chigwa sichilima chimanga chokwanira pa mvula, kuno nkwa mapira ndi mchewere, ndiye chambiri chimachokera kumtunda kapena ku Mozambique, ndipo mtengo wogulira umakhala utakwera kale ndi ulendo. *Kusamalira.* Chikhale chouma bwino musanatseke thumba. Ikani njere zingapo m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, khutchumulani, musiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga chikadali ndi madzi. Matumba akhale pa thandala, osakhudza pansi kapena khoma. Kutentha kwa kuno anankafumbwe amakukonda, ndipo khoswe akaboola thumba la PICS ntchito yake yatha.

*Chiopsezo.* Chimanga cha m'madimba a m'mphepete mwa Shire chimatuluka chakumapeto kwa chaka nkubweza mtengo. Chimanga cha thandizo chikayamba kugawidwa ogula amachepa. Mwezi wogulitsa ndi womwewo wa madzi osefukira. Ndipo pali chiopsezo chomwe sichilowa mu fomula: abale akadziwa kuti muli ndi matumba 44 m'chipinda pomwe iwo akugona ndi njala, simugulitsa 42. Alamu adaseka pamenepa, nkunena kuti, "Alamu, inu nomwe mukhala oyamba kubwera ndi lichero." Sindidakane.

Kugula lero chomwe mukusungira

Njira iyi anthu saiwerenga ngati kusunga, koma pa masamu athuwa ndi yamphamvu. Malata omwe mwagula lero pa K1,200,000, ngati chaka chamawa adzakhale pa K1,560,000, akupatsani maperesenti 30 opanda msonkho, opanda fomu. Mtengo wake ndi wonyamulira, kupezeka kwake ndi shopu ya hadiweya ya pa Nchalo kapena Ngabu, kusamalira kwake ndi kuwaika pouma, otsamira, madzi asalowe pakati pawo chifukwa amachita dzimbiri loyera. Chiopsezo ndi akuba, komanso kuti mukafuna ndalama mwadzidzidzi mudzawagulitsa motchipa. Simenti yokha musayese, imauma m'thumba pakangopita miyezi yochepa. Ndipo njirayi imagwira pa chinthu chomwe mukanagulabe, osati kugula wailesi yaikulu nkumati ndasunga.

Ndani atenge iti

Ngati ndalama ili ndi tsiku lake lodziwika ndipo idzalipidwa ngati ndalama, monga fizi, lendi kapena ngongole, ndiye malo ake ndi pa pepala, osati m'khola. Ikakhala ya miyezi itatu kapena kuchepera ndipo banki ili pafupi, fikisidi yakwana, chifukwa kusiyana kwake ndi tirezhale bilu ya masiku 91 sikungalipire ulendo wa ku Blantyre. Ikakhala ya miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka ndipo ndi yochulukirapo, vutikani ndi tirezhale bilu. Lamulo langa ndi lophweka: werengani chiwongoladzanja cha ndalama yanu pa njira ziwirizo, kusiyana kwake muchulukitse ndi 0.80, muone ngati ndalama yomwe ikutuluka ikuposa ya ulendo.

Ngati ndalama ndi ya katundu wosaonongeka amene mukumudziwa kale, gulani lero. Ngati ndi yochepa yolowa sabata ndi sabata kuchokera ku geni, banki mkhonde ya anthu omwe mumawadziwa mpaka kumanda kwawo ikuposa banki ya mutauni. Ngati muli kumtunda, muli ndi woweta wa pakhomo ndipo simuifuna zaka ziwiri kapena zitatu, mbuzi. Chimanga ndi cha amene ali ndi chipinda chouma, amadziwa msika, ndipo atataya gawo limodzi mwa magawo asanu sangalephere kulipira fizi. Amene amakhala malo omwe madzi amafika zaka zambiri, ku Makhanga kapena m'mphepete mwa dambo la Ndindi, asunge gawo lalikulu pomwe madzi safika ngakhale masamu akunena kuti akutaya 16 pa 100.

Mitengo ikadzatsika liwiro masamu omwewa adzatembenuka. Kukwera kutakhala maperesenti 8, fikisidi ya 12 ija yotsala 9.6 ikhala ikupindula pang'ono. Nchifukwa chake muwerengenso nthawi iliyonse fikisidi ikakhwima, ndi nambala ya mwezi umenewo.

Alamu adagula malata a K1,200,000 sabata yomweyo, ali m'chipinda cha ana atatsamira khoma. K500,000 ya fizi adaiika pa tirezhale bilu, atakangana ndi wa pa kauntala mpaka amanejala adatuluka. K300,000 yotsala ili pa fikisidi ya miyezi itatu yoti akhoza kuithyola matenda atabwera, ndipo tsiku lokhwima adalilemba ndi khala kuseri kwa chitseko.